Kalata kwa aphunzitsi a Sitandade 7

Mudzi wa Thomu,
Mfumu Yaikulu Ngabu,
Chikwawa.

22 Juni 2025

Kwa Madamu Kampira,
Aphunzitsi a Sitandade 7 B,
Kudzera kwa a Hedi.

Okondedwa Madamu,

KUJOMBA KWA ESINATI ALUFANDIKA CHIFUKWA CHA CHIMFINE

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi a kubanja kwanu. Ine ndine mayi ake a Esinati Alufandika wa m'kalasi mwanu. Ndalemba kuti ndikudziwitseni chimene mwanayu sanaonekere kusukulu kuyambira Lachiwiri pa 17 Juni mpaka Lachisanu pa 20 Juni, komanso kuti ndikupempheni ntchito imene anzake aphunzira masiku amenewa. Ndikupepesa kuti ndachedwa kukudziwitsani. Ndinatuma mawu pakamwa Lachitatu kudzera mwa mwana wa oyandikana nawo nyumba, koma ndamva dzulo kuti mawuwo sanakupezeni.

Esinati anayamba kudandaula Lolemba madzulo ataweruka. Ankati kukhosi kukukanda ndipo mutu ukumulemera. Ine ndinayesa kuti ndi fumbi la mumsewu ndi kamphepo kamene kakumawomba m'mawa mwezi uno, poti ife a kuno kuchigwa tinazolowera kutentha, kukangozizira pang'ono ana onse amayamba kuyetsemula. Koma pofika pakati pa usiku thupi linatentha kwambiri, akunjenjemera, akulira msana ndi miyendo. Nsima ya madzulo anali ataisiya osaikhudza.

Inu mukudziwa kuti kuno mwana akatentha thupi, choyamba kuganiza ndi malungo. Udzudzu sutha ngakhale mu Juni, makamaka kwa ife amene minda yathu ya kudimba ili kufupi ndi dambo. Choncho Lachiwiri m'mamawa ndinamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala. Anamubaya pachala n'kumuyeza magazi, ndipo malungo sanapezeke. Adokotala anamumvera m'chifuwa, anamuyang'ana kukhosi, nati ndi chimfine chachikulu chija chimabwera ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, osati kachimfine ka mamina okha ayi. Anatipatsa panado. Ine ndinafunsa ngati sangamupatseko LA kapena makapisozi, koma anandilongosolera bwino kuti LA ndi wa malungo, ndipo makapisozi sagwira kachilombo koyambitsa chimfine. Anati chofunika n'chakuti agone, amwe madzi ambiri, ndipo tikaona kuti akupuma mofulumira, akubanika kapena akumva kulasa m'chifuwa, tibwerere naye msanga chifukwa chimfine chotere nthawi zina chimatsegulira njira chibayo. Anatinso asapite pagulu mpaka thupi litasiya kutentha, poti matendawa amafala munthu akamatsokomola ndi kuyetsemula.

Zonsezi zalembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo tsiku lake lilipo. Bukulo adzabwera nalo kuti inu ndi a Hedi mulione ndi maso anu.

Ndikunena za bukuli chifukwa pali chinthu chimene chikundivutitsa mumtima. Ino ndi nyengo yotola thonje, ndipo ndikudziwa kuti mwana akajomba masiku anayi otsatizana mwezi uno, aphunzitsi amaganiza kuti makolo amutengera kumunda kapena amutuma kukathirira kudimba. Simulakwa kuganiza choncho, chifukwa zimachitikadi, ndipo pamsonkhano wa makolo wa temu yatha munatidandaulira za zomwezi. Thonje tili nalo ndithu, ndipo lina likadali m'munda chifukwa sabata yonseyi ndinali pakhomo kudwazika mwana. Koma Esinati sanapondeko kumunda ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinasiyira sukulu mu Fomu 2 chifukwa cha kusowa kwa fizi, ndipo ndinalonjeza bambo ake kuti mwanayu sadzajomba chifukwa cha khasu kapena thumba la thonje. Mukayang'ana m'kaundula wanu muona kuti chiyambireni chaka chino anajombapo kamodzi kokha, mu Febuluwale, tsiku limene mtsinje wa panjira unadzadza ana n'kulephera kuwoloka.

Lachitatu ndi Lachinayi ndiwo anali masiku ovuta. Ankangogona, kudya kwake kunali phala la madzimadzi masipuni owerengeka. Agogo ake ankamuwiritsira madzi a ndimu ndi jinja, ine n'kumamupukuta ndi kansalu konyowa thupi likatentha. Mng'ono wake wa Sitandade 2 ndinamusamutsira kwa agogo akewo kuti asagone mu neti imodzi, ndipo mpaka lero iye ali bwino. Lachisanu usiku Esinati anatuluka thukuta kwambiri, ndipo Loweruka anadzuka thupi litazizira. Lero wadya nsima ndi therere, wakhalako panja padzuwa. Chatsala ndi chifuwa, chimene chikumamuvuta kwambiri usiku ndi m'bandakucha, komanso kufooka. Akayenda kuchoka pakhonde kufika pamjigo akumafuna pokhala.

Chifukwa cha ichi ndikupempha kuti mumulole akhalebe pakhomo mawa Lolemba ndi Lachiwiri, adzayambe Lachitatu pa 25 Juni. Iye mwini akufuna kubwera mawa lomwe, ndipo talimbana naye nkhaniyi madzulo ano. Koma kuchokera kuno kufika kusukulu ndi mtunda wa pafupifupi ola lathunthu wapansi, ndipo amanyamuka kusanatenthe. Komanso m'kalasi mwanu ana ndi ambiri, amakhala mothithikana. Sindikufuna kuti mwana wanga akhale amene wagonetsa theka la kalasi mayeso ali pafupi, kapena kukupatsirani inuyo.

Tsono pempho langa lalikulu ndi la ntchito. Ndatsegula makope ake onse, ndipo tsiku lomaliza kulembamo ndi Lolemba pa 16 Juni. M'kope la Masamu analekezera pa mapesenti, ndipo pa masamu asanu amene munawapatsa tsiku limenelo anakhoza awiri okha. Apa ndi pamene ndikuda nkhawa kwambiri. Ngati anali asanamvetse poyambira pomwe, ndiye kuti zimene mwaphunzitsa masiku anayi otsatirawa adzazipeza ngati chilankhulo chachilendo. Chonde mundilembere masamba a m'buku amene mwadutsamo, ndi masamu amene anzake anapatsidwa kuti akachitire kunyumba. Mukadakhala ndi mpata wolemba chitsanzo chimodzi chokha chosonyeza njira yake kuyambira pamwamba mpaka pa yankho, zikanatithandiza koposa. Ine ndimagulitsa tomato ndi nsomba zouma pamsika wa pa Ngabu, ndiye za phindu ndi kuluza ndimaziwerengera tsiku ndi tsiku. Koma njira yanga ndi ya m'mutu, ndipo ndikuopa kumuphunzitsa zosiyana ndi mmene inu mumafunira kuti azilembera pa mayeso.

Chachiwiri ndi Chingerezi. Pakhomo pano timalankhula Chisena, Chichewa amachidziwa bwino, koma Chingerezi amachimva kusukulu kokha. Poti maphunziro enawo, monga Sayansi ndi Ulimi, amaphunzitsidwanso m'Chingerezi, akatsalira pamenepa amatsalira ponse. Ngati munapereka chimangirizo kapena nkhani yowerenga n'kuyankha mafunso, mutiuze mutu wake kuti alembe ali konkuno, adzakupatseni Lachitatu. Pali mnyamata wa Fomu 3, mwana wa achimwene anga, amene wavomera kumakhala naye madzulo kuti azimuwongolera.

Za maphunziro enawo sindikufuna kukuchulutsirani ntchito. Manotsi akopera kwa mnzake. Ndalankhula kale ndi mayi ake a Tiyanjane Fole, amene amakhala naye desiki imodzi, ndipo avomera kuti Tiyanjane azitisiyira makope ake akaweruka n'kudzawatenga m'mawa popita kusukulu. Chimene ndikupempha n'chakuti mungoyang'anako ngati manotsi a Tiyanjane ali okwanira, kuti Esinati asakopere zoperewera. Kalatayi wabwera nayo ndi Tiyanjane yemweyo, ndipo chilichonse chimene mungalembe mumupatsire iyeyo. Ndamupatsa kope latsopano la masamba 40 kuti mulembemo, musavutike kufuna pepala.

Ndikudziwa kuti mabuku ndi ochepa ndipo ana amawerenga angapo buku limodzi. Komabe ngati a Hedi angalole kuti tibwereke buku la Masamu kwa masiku awiri okha, ine ndikulonjeza kulisamala. Ndidzalikutira ndi pepala, lizikhala m'chikwama pamwamba, kutali ndi chiswe ndi ana aang'ono, ndipo libwerera Lachitatu m'manja mwa Esinati. Likawonongeka mlandu ndi wanga. Ngati malamulo a sukulu salola, ndimvetsa, tidzadalira masamu amene mungatilembere m'kopemo.

Mwina mungaganize zotumiza zithunzi za masamba pafoni monga ndamva kuti aphunzitsi ena amachitira. Foni yanga ndi yamabatani, siilandira zithunzi. Ya bambo ake ndiyo imatha, koma iwo ali ku Nchalo kodula nzimbe ndipo nyengo ino amabwera kamodzi pa sabata ziwiri. Ndiye njira ya kope ndi imene ingatithandize.

Tiyanjane wandiuzanso kuti Lachinayi munalembetsa kayeso ka Sayansi. Ngati malikisi ake amawerengedwa pa zotsatira za kumapeto kwa temu, chonde mumulole Esinati adzalembe payekha tsiku limene inu mungasankhe, ngakhale pa nthawi yopuma kapena ena ataweruka. Ino ndi temu yachitatu, imene imaonetsa ngati mwana akupita mu Sitandade 8 kapena akubwereza. Esinati ali ndi zaka 13. Mtsikana wa msinkhu uwu akabwereza kalasi kuno kwathu, inu mukudziwa mawu amene anthu amayamba kumuuza, ndipo ambiri sabwereranso. Iye amalakalaka atadzalemba bwino mayeso a MANEB chaka chamawa n'kusankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, ndipo amati akufuna kudzakhala namwino. Sindikufuna kuti sabata imodzi ya chimfine imubweze m'mbuyo chaka chathunthu.

Akadzabwera Lachitatu, ndikupempha kuti sabata imeneyi mumupumitse pa ntchito yosesa pabwalo ndi yotunga madzi, chifukwa fumbi likumamuutsira chifuwa. Masewera othamanga nawonso adikire kaye. Ndimupatsa kansalu kotsekera pakamwa akamatsokomola ndi botolo lake la madzi, ndipo ndamuuza kuti asamwerane ndi anzake. Adzavala juzi yofiirira pamwamba pa yunifolomu, poti ya mtundu wa sukulu inamuchepera ndipo ina ndigula tikagulitsa thonje. Chonde asabwezedwe chifukwa cha juziyo. Mukadzaona kuti thupi latenthanso kapena akupuma movutikira, musadikire nthawi yoweruka. Mudzatume Tiyanjane kunyumba, agogo ake amakhala ali pakhomo tsiku lonse ndipo adzandiitanitsa kumsika.

Ine ndidzabwera ndekha kusukulu Lachisanu pa 27 Juni m'mawa, ndisanapite kokayala malonda, kuti tidzaonane pamaso ndi kumva kwa inu mmene mwamuonera pa mapesenti aja. Ngati tsikuli silikukomerani, mulembe m'kopemo tsiku lina.

Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito imene mukugwira pa ana athu. Takhuta, Madamu.

Ine kholo la mwana wanu,

Mayi Joyisi Alufandika
(Mayi ake a Esinati Alufandika, Sitandade 7 B)