Mutu 2.3: Kuyerekeza makatalisiti opangira bayodizilo kuchokera ku mafuta okazingira tchipisi

Mafuta ophikira ndi metanolo sizigwirizana msanga pazokha. Kuti zisanduke bayodizilo ndi giliserolo pamafunika katalisiti, chinthu chofulumizitsa kusinthako koma icho osatherapo. Anastas ndi Warner (1998) anaika katalisiti pa mfundo yachisanu ndi chinayi mwa mfundo 12 za kemisitire yosamala chilengedwe, koma mfundoyo siinena kuti katalisiti aliyense ndi wabwino mofanana. Gawo lino likuyerekeza mitundu inayi yomwe ofufuza ailemba kwambiri: soda wa kositiki (NaOH), asidi wa salifa (H₂SO₄), laimu wootcha wochokera ku makoko a mazira (CaO), ndi enzayimu ya lipezi. Muyezo wake ndi mafuta omwe polojekitiyi igwiritse ntchito, otsala m'ziwaya za ogulitsa tchipisi ku Chinamwali mu Zomba, akuda bii ndi otenthetsedwa kambirimbiri.

Pa liwiro palibe wopambana soda. Freedman ndi anzake (1984) anaonetsa kuti ndi katalisiti wa gulu la soda pa 60 °C, metanolo akakhala mamolo 6 pa molo imodzi ya mafuta, mafuta oyengedwa bwino amasanduka ndi maperesenti 93 mpaka 98 mu ola limodzi lokha. Ofufuza omwewo anaikapo malire: mafutawo akhale opanda madzi, ndipo asidi womasuka wa m'mafuta, yemwe amachuluka mafuta akatenthetsedwa kambirimbiri, asafike theka la peresenti. Asidiyo akapyola pamenepo, soda amasiya ntchito yake n'kuyamba kupanga sopo, monga momwe amachitira kwa amayi ophika sopo wa pakhomo. Pa kuyesa koyambirira kwa polojekitiyi, mafuta a pachiwaya atasakanizidwa ndi soda anagwirana ngati phala lozizira, ndipo kutacha m'botolo munalibe mzere wolekanitsa bayodizilo ndi giliserolo. Soda sabwezekanso, amachoka ndi madzi otsukira. Asidi wa salifa alibe vuto la sopo, koma ndi kamba pa liwiro: pa kafukufuku yemweyo wa 1984 panafunika maola 69 ndi metanolo wa mamolo 30 pa molo imodzi ya mafuta kuti kusintha kupyole maperesenti 90, ndipo asidiyo amadya zitsulo. N'chifukwa chake ambiri amamugwiritsa ntchito pongoyambira. Canakci ndi Van Gerpen (2001) anatsitsa naye asidi womasuka kufika pansi pa peresenti imodzi asanathire katalisiti wa gulu la soda, ndipo Berchmans ndi Hirata (2008) anatsata njira ya magawo awiri yomweyi pa mafuta a jatirofa okhala ndi asidi womasuka wa maperesenti 15, napeza bayodizilo wa maperesenti 90.

Laimu wa makoko a mazira ndiye watamandidwa kwambiri m'zolemba za zaka zaposachedwa, ndipo ndi iye amene ayenera kuunikidwa modekha. Khoko la dzira, pafupifupi lonse, ndi CaCO₃, ndipo likaotchedwa kupyola 800 °C limasanduka CaO. Wei ndi anzake (2009) anapeza bayodizilo woposa maperesenti 95 kuchokera ku mafuta a soya pa 65 °C m'maola atatu, katalisiti ali maperesenti atatu a kulemera kwa mafuta, ndipo ufa womwewo anaugwiritsa ntchito maulendo 13 osaoneka kufooka. Ufawo umasefedwa n'kubwezedwa, chiyambi chake ndi zinyalala za m'malo ophikira buledi ndi odyera. Zonsezi n'zoona. Koma zolemba zina, zomwe sizitchulidwa kawirikawiri ndi otamanda makoko, zikuonetsa mbali ina. Granados ndi anzake (2007) anapeza kuti CaO akangokhudzana ndi mpweya amayamwa chinyezi ndi CO₂ m'mphindi zochepa n'kuyamba kufooka, komanso kuti pang'ono pa ufawo pamasungunuka mu metanolo, kotero gawo lina la ntchito limagwiridwa ndi zosungunukazo osati ufa wokha. Kufooka kumeneku sikochepa. Kouzu ndi anzake (2008), poyerekeza pa mafuta a soya kwa ola limodzi, anapeza maperesenti 93 ndi CaO, 12 ndi Ca(OH)₂, yemwe amapangika CaO akayamwa chinyezi, ndipo ndi CaCO₃ sanapeze kanthu. Ndiye kuti botolo la katalisiti loiwalika losatseka pa tebulo nyengo ya dzinja likubwerera pang'onopang'ono ku khoko lomwe linachokera. Gulu la Kouzu lomwelo litayesa mafuta okazingirapo kale linapezabe bayodizilo wambiri, koma asidi womasuka anadya laimu n'kupanga sopo wa kashiyamu, yemwe anatsalira m'mafuta opangidwawo. Muyezo wa bayodizilo wa ku Ulaya wa EN 14214 umalola kashiyamu ndi maginiziyamu pamodzi osapyola mamiligalamu 5 pa kilogalamu. Choncho kutsuka komwe kumati kwathawidwa posiya soda kumabweranso pa khomo la kuseri.

Pali chinanso chomwe malipoti ambiri a makoko amachidumpha: mtengo wa moto. Ng'anjo yofika 900 °C imadya magetsi kwa maola angapo, ndipo magalamu 100 aliwonse a CaCO₃ amatulutsa magalamu 44 a CO₂ pakuotchapo. Katalisiti akagwira ntchito maulendo khumi, mtengowu umagawika n'kuchepa. Akamafunika kuotchedwanso paulendo uliwonse, dzina loti "wosamala chilengedwe" limakhala la pakamwa chabe.

Lipezi amagwira ntchito pa kutentha kochepa, sapanga sopo, ndipo amasandutsa asidi womasuka yemwe kukhala bayodizilo. Kwa mafuta a pachiwaya ndiye akanakhala woyenera. Shimada ndi anzake (1999), pogwiritsa ntchito lipezi wa Candida antarctica womatidwa pa timikanda (Novozym 435), anaona kuti metanolo wochuluka amapha enzayimuyo, ndiye anamuthira m'magawo atatu pa 30 °C, nafika maperesenti 98 m'maola 48, ndipo enzayimu yomweyo inagwira maulendo 50. Chovuta ndi mtengo wake ndi kuitanitsa kunja. Kwa gulu la anthu ochepa lofuna kupanga mafuta a chigayo, njirayi ndi yakutali.

Manambala onsewa sangangoikidwa pa mzere umodzi n'kusankha lalikulu. Ena anayeza kuchuluka kwa mafuta omwe asanduka, ena kulemera kwa bayodizilo wotuluka, ndipo ziwirizi si chinthu chimodzi. Ambiri anagwiritsa ntchito mafuta oyengedwa a soya, omwe safanana ndi mafuta ophikamo mbatata mlungu wathunthu. Ochepa okha ndiwo anawerengera zinyalala ndi muyezo wa E wa Sheldon (1992), womwe umagawa kulemera kwa zotayidwa ndi kulemera kwa chopangidwa. Muyezowo, momwe umawerengedwera nthawi zambiri, susamala za madzi kapena magetsi, pomwe kusiyana kwa soda ndi laimu kwagona pa ziwiri zomwezo.

Polojekitiyi isiya lipezi chifukwa cha mtengo, ndipo asidi wa salifa imugwiritsa ntchito pa gawo loyamba lokha, kutsitsa asidi womasuka kufika pansi pa peresenti imodzi. Pa gawo lachiwiri iyerekeza NaOH ndi CaO wa makoko pa mafuta a m'chigubu chimodzi, pa 60 °C. Kuwonjezera pa kuchuluka kwa bayodizilo, iyeza kashiyamu wotsalira m'mafuta, malita a madzi otsukira, mayunitsi a magetsi a ng'anjo, ndi maulendo omwe laimu angagwire ntchito asanaotchedwenso. Njira zoyezera zonsezi zafotokozedwa mu Mutu 3.