Ulendo wa Fodya: Kuchokera ku Amereka Kudzafika ku Limbe

Chimangirizo cha phunziro la Mbiri, Fomu 4

Nyengo ya malonda a fodya ikafika, ndikamachoka kwathu ku Bangwe kupita kusukulu ndimaona malole odzaza mabelo atandandalika mumsewu wopita ku okushoni ya ku Limbe. Fungo lake limalowa mpaka mu minibasi. Poyamba ndinkayesa kuti mbewuyi ndi yathu kuyambira makedzana. Sichoncho ayi. Fodya ndi mlendo, ndipo m'madera ambiri momwe anafika, anthu omulima sanali omwe ankadyerera phindu lake.

Kwawo kwa fodya ndi ku Amereka, komwe eni nthaka ankamusuta pa miyambo ndiponso ngati mankhwala. M'chaka cha 1492, amalinyero a Christopher Columbus anaona anthu a pachilumba cha Cuba akusuta masamba okulunga. Asipanya ndi Apwitikizi anatengera mbewuyi ku Ulaya, ndipo zombo zawo zinaifikitsa ku Afirika, ku Indiya mpaka ku Japani. Cha m'ma 1560, Jean Nicot, kazembe wa Falansa ku Portugal, anatumiza fodya kunyumba yachifumu ya kwawo poganiza kuti amachiritsa. Dzina loti nikotini linachokera pa iyeyu. Mfumu James yoyamba ya ku Mangalande inadana naye fodya mu 1604 n'kumukwezera msonkho, koma osuta anangochulukirachulukira, ndipo maboma anazindikira kuti msonkhowo ndi chuma.

Gawo lomwe limandiwawa ndi la ukapolo. Mu 1612, John Rolfe anayamba kulima fodya wogulitsa ku Jamestown, m'dera la Virginia, ndipo fodyayo ndiye anapulumutsa mudzi wa atsamundawo, womwe unali utatsala pang'ono kutha. Koma fodya amafuna manja ambiri: kufesa nazale, kuwokera, kudulira, kuthyola, kusoka, kuyanika ndi kusankha. Mu 1619 Aafirika oyamba anatsitsidwa ku Virginia, ndipo pomwe zaka za m'ma 1600 zinkatha, minda yambiri inali itayamba kudalira akapolo. Ku Bahia, m'dziko la Brazil, fodya ankamupota ngati chingwe, kumupaka madzi a nzimbe owiritsa, n'kukamusinthanitsa ndi anthu m'magombe a kuzambwe kwa Afirika. Munthu ankagulidwa ndi fodya kuti akagwire ukapolo m'minda ya tsidya lina la nyanja.

Kusuta kunafala kwambiri makina atabwera. Mu 1881 James Bonsack analembetsa makina okulunga ndudu, ndipo ndudu zinatsika mtengo. Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse asilikali ankapatsidwa ndudu pamodzi ndi chakudya, moti ambiri anabwerera kwawo ali ndi chibaba.

Kuno kwathu makolo ankalima kale fodya wosuta pa kaliwo ndi wonunkhiza, koma fodya woyamba kutumizidwa kunja anachoka mu 1893. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908, ndipo okushoni inayamba komweko mu 1938. Tauni ya Limbe inakula ndi njanji komanso fodya. M'maesiteti a azungu, anthu ankagwira thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo, ndipo nkhanza za thangata zinali zina mwa zomwe zinautsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ngakhale titalandira ufulu, alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Anali wa eni maesiteti okha.

Agogo anga aamuna anali tenanti pa esiteti ina ku Kasungu. Amati chimanga, mchere, sopo ndi feteleza zonse zinkalembedwa m'buku la ngongole, ndipo pakutha pa chaka bwana akachotsera, nthawi zina ankangotsala ndi ya basi yobwererera ku Mulanje. Amayi anga anaphunzira kusoka fodya m'chigafa asanaphunzire kulemba dzina lawo. Amakumbukabe utomoni wakuda womata m'manja ndi chizungulire chomwe ankamva akathyola masamba onyowa ndi mame.

Sindikana kuti fodya watithandiza. Ndiye amabweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa mbewu ina iliyonse, ndipo wamangitsa nyumba zamalata ndi kulipirira ana fizi. Koma wathanso mitengo chifukwa cha zigafa ndi nkhuni zowotchera. Mu 1950, madokotala Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa kuti kusuta kukugwirizana ndi khansa ya m'mapapo, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati fodya amapha anthu opitirira 7 miliyoni chaka chilichonse. Pangano la mayiko lochepetsa kusuta linavomerezedwa mu 2003, ndipo dziko la Malawi linalowamo mu 2023, patatha zaka 20, chifukwa n'kovuta kukana mbewu yomwe imatigulira mafuta ndi mankhwala.

Amalume anga akulimabe fodya ku Mchinji, koma chaka chino theka la munda adzalamo soya ndi mtedza. Mabelo awo akafika pamsika, mtengo amatchula ndi ogula, m'madola a ku Amereka, ndipo amalume amadikira kumva ngati fodya wawo wagulidwa kapena wabwezedwa.