Mimba imodzi, wina woyera wina wakuda: zimatheka bwanji?

Mayi ake ndi amodzi, bambo akenso omwewo, nde mwana wina ayera bwanji chonchi pomwe mnzake ndi wakuda bii?

Zimatheka ndithu ndipo si zachilendo ayi. Mtundu wa khungu umachokera ku melanini, kanthu kamene thupi limapanga pakhungupo, ikachuluka munthu amada, ikachepa amayera. Nde kuchuluka kwake sikulamulidwa ndi jini imodzi ayi, ndi majini ambirimbiri (sitikunena majini a ziwanda aja apa, tikunena tizinthu ta mu DNA tomwe timatengera kwa makolo). Munthu ali ndi makromozomu 46, timitolo tomwe timanyamula majiniwa, mwana amatenga 23 kwa mayi 23 kwa bambo, koma sikuti mimba iliyonse amatenga omwewomwewo. Zili ngati kutapa nyemba zosakaniza mu lichero, ukatapa kawiri sungatulutse zofanana, dzanja lina zichuluka zofiira lina zoyera. Kholo limodzi lokha litha kusanja makromozomu ake munjira zopitilira 8 miliyoni, nde muwonjezere za kholo linalo. Ndichifukwa chake ana a bere limodzi amafanana DNA yomwe anatengera pafupifupi theka basi, osati yonse.

Koma ife tonse awiri ndife akuda, kuyerako wakutenga kuti?

Ku mtundu. Inuyo mutha kukhala wakuda koma mutanyamula majini a khungu loyera ochokera kwa agogo anu kapena agogo a agogo anu omwe simunawaoneko nkomwe, mwa inu sanaonekere chifukwa anaphimbika ndi enawo, akazi anunso ali nawo awo, tsiku lina akumana mwa mwana mmodzi basi mwana wayera. Paja amati make mbuu mwana mbuu, koma pa khungu mwambiwu sugwira nthawi zonse. Komanso dziwani kuti mu Africa muno ndi momwe anthu amasiyana khungu kwambiri, taonani Asani a ku Botswana ndi oyererako pomwe Adinka a ku South Sudan ali mgulu la anthu akuda kwambiri padziko lonse. Sizifunika mzungu kumtundu kuti mwana ayere.

Nde ndisakayike kuti mwina mwanayu si wanga?

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amasokonekera, apongozi kungomuona mwana kuchipatala nkuyamba kale zoti kwathu kulibe woyera chonchi. Khungu si umboni. Silingakuuzeni kuti mwana ndi wanu, silingakuuzeninso kuti si wanu, mwana wa munthu wina atha kuda ndendende ngati inuyo. Ku South Africa kunabadwa Sandra Laing mu 1955, makolo ake onse azungu koma iye wakuda ndithu, mpaka anamuchotsa pa sukulu ya azungu nthawi ya tsankho ija. Ngati muli ndi chifukwa china chenicheni chokayikira kayezetseni DNA, koma kumuzunza mayi wa mwana chifukwa cha khungu lokha ndi umbuli, tinene mosabisa.

Anabadwa woyera koma pano akuda, chavuta ndi chani?

Palibe chavuta. Makanda ambiri amabadwa oyererako, melanini imadzachuluka pang'onopang'ono m'miyezi yoyambirira. Dzuwa limawonjezeranso, mwana wokhalira kudimba kapena kubusa sangafanane ndi m'bale wake wokhalira m'nyumba ku tauni.

Akuti woyembekezera akamamwa Fanta kapena mkaka wambiri mwana amayera, zoona?

Bodza. Za khungu la mwana zinatha kale tsiku lomwe mimba inakhala. Chimodzimodzi mafuta oyeretsa khungu aja, mayi adzole mpaka ayere mbee koma DNA yake siyisintha, mwana abwera ndi khungu la kumtundu. Komanso ena mwa mafutawa amakhala ndi mekyule yemwe ndi poizoni kwa mayi ndi mwana yemwe ali m'mimbayo.

Nanga mapasa?

Mapasa ochokera ku dzira limodzi amafanana. Ochokera ku mazira awiri ali ngati abale wamba omwe angobadwa tsiku limodzi, wina atha kuyera wina kuda.

Mwana wachialubino naye ndi nkhani yomweyi?

Iyi ndi yosiyanako pang'ono chifukwa apa jini imodzi ndi yomwe imapangitsa kuti thupi lizipanga melanini yochepa kwambiri kapena osapanga nkomwe. Kuti mwana abadwe wachialubino ndekuti makolo onse awiri anyamula jini imeneyo ngakhale iwo ali akuda, nde zoloza chala mayi yekha zija nzosamveka, theka lachokera kwa bambo. Makolo otere pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi pa 4 woti mwana akhale wachialubino, ndipo mwayiwu umayambiranso mimba iliyonse, atha kubadwa awiri motsatizana kapena osabadwa ndi mmodzi yemwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino opitilira 134,000 m'Malawi muno. Mwana ameneyu chomwe akufunika ndi chipewa cha khonde, zovala za manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa komanso kukamuyezetsa maso asanayambe sukulu.