Zaka 45 Zakwana, Penshoni Yanu Ili Pati?

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera kuno ku Kabwata.

Wa zaka 45 watsala ndi malipiro 180 kuti afike zaka 60 zopumira pantchito. Akamapatula K1,000 pamwezi adzakhala ndi K180,000, chiwongoladzanja chisanalowepo. Akadikira mpaka zaka 55, ndalama yomweyo idzafuna K3,000 pamwezi, ana ali kukoleji.

Yambani ndi NAPSA. Mumadulidwa 5 peresenti, abwana nawonso amaikapo 5. Tsegulani akaunti yanu ya NAPSA pa intaneti muwerenge miyezi yomwe mwapereka, chifukwa mabwana ena amadula koma osapereka, ndipo penshoni ya mwezi ndi mwezi imafuna miyezi 180. Amene munatapa 20 peresenti ya ndalama zanu za ku NAPSA mu 2023, dziwani kuti penshoni yanu inachepa.

Komanso NAPSA yokha siingakudyetseni monga mukudyera lero. Uzani banki izichotsa yokha ndalama tsiku la malipiro, isanafike m'thumba. Ikakwana K1,000 mutha kubwereketsa boma ndalamayo pogula mabondi a boma, a zaka 2 mpaka 15, omwe amapereka chiwongoladzanja miyezi 6 iliyonse. Chiwongoladzanjacho musadye, gulaninso mabondi.

Chilimba n'chabwino pogula malata, koma ndalama siibereka. Amene muli ndi kaloba, malizani kaye ameneyo.