Galimoto Yoyera ya Mabvuto

Mabvuto ankatsuka magalimoto ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg, mpaka zala zinasuwa ndi sopo. Pochoka ku Chawama, mumzinda wa Lusaka, mu 2021 analonjeza amai ake kuti akadzabwerako, iwo sadzalawiranso kumsika wa Soweto ku Lusaka konko kukapikula tomato. Zaka zinapita. Iye ankagonabe chipinda chimodzi ndi anyamata anayi ku Yeoville.

Lamlungu lina amai anatumiza mawu pa WhatsApp: "Mwanawe, titumizireko chithunzi. Anthu kutchalitchi akufunsa ngati uli moyo."

Anabwereka jekete, nakaima pakhoma la nyumba ya eni, mnzake namujambula. Chithunzicho atachiona, mtima unamuwawa. Masaya anali atalowa, jekete ikulendewera m'mapewa, ndipo pambali pake panali malo aakulu opanda kanthu. M'foni munali chithunzi cha Toyota Hilux yoyera imene anatsuka Lachisanu. Usiku anzake akuliza mkonono, anaidula mosamala ndi chala, kuzungulira matayala ndi magalasi, naiika pamalo paja. Anaichepetsa, kuikulitsa, kuisuntha mpaka chigongono chake chinaoneka ngati chatsamira pachitseko. Sanalembe kuti ndi yake. Sanalembenso kuti si yake. Anangotumiza.

Kutacha anapeza amai atatumiza nthungululu, kenaka pemphero lalitali lomwe linathera m'kulira.

Ku Chawama nkhani siigona. Amai anakatsukitsa chithunzicho, nachikoloweka pabalaza. Azimai a chilimba anayamba kuwaitana kuti amake bwana. Mwezi usanathe, alandilodi anakweza lendi, ati mwana ali ndi galimoto ku Joni. Mai wina amene ankawapatsa tomato pangongole anayamba kufuna ndalama pamanja. Azibale omwe anali zii chichokereni iye anaipeza nambala yake: uyu fizi, uyu feteleza, uyu mankhwala. Mabvuto ankatumiza marandi ochepa omwe anali nawo, iye nagonera buledi ndi madzi a shuga.

Kenaka amalume anamwalira ku Katete.

"Ubwere nayo galimoto," anatero amai, mawu atasasa. "Katete ndi kutali, ndipo miyendo yangayi basi siikundilola. Utinyamule ine, Tisauke ndi azakhali ako. Amalume ako anakulipirira sukulu, akaone kuti sanataye ndalama."

Iye anatsegula pakamwa, koma chomwe chinatuluka ndi "Chabwino, amai."

Anagulitsa nsapato zabwino ndi wailesi, nakongola zotsala. Pa Park Station anakwera basi. Anadutsa Beitbridge usiku, Chirundu dzuwa likuswa mtengo, njira yonse akukonza mabodza. Galimoto yakanizidwa pabodala. Galimoto ili kugalaji. Galimoto yabedwa. Bodza lililonse likafika pankhope ya amai, linkagwa.

Pa siteshoni ya basi ya Intercity ku Lusaka anapeza mlongo wake Tisauke akudikira, chitenje chamaliro m'chiuno. Iye sanamuuze kuti abwera pabasi.

"Wadziwa bwanji?"

"Achimwene, galimoto ija ilibe mthunzi. Inu wanu ukuoneka, wagwera kukhoma. Iyo ikungoyandama." Anamulanda chikwama, nachikweza m'mwamba kuyesa kulemera kwake. "Ndinaona tsiku lomwelo."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinene chiyani? Kuyambira pamene atate anatisiya, ndinali ndisanawaone amai akuvina. Tsiku lija anavina pakhomo, anthu akuona." Anakhala chete pang'ono, kenaka anapitiriza mawu akunjenjemera. "Koma lendi ija ndikulipira ndine. Ndinasiya kosi yosoka kuti ndizikhala pamsika. Mumadziwa zimenezo?"

Mabvuto sanadziwe. Anayang'ana manja a mlongo wake, ouma ndi akuda chifukwa cha makala amene tsopano ankagulitsa, nabisa ake m'matumba.

"Ndingawauze kuti mapepala a galimoto avuta pa Chirundu," anatero motsitsa. "Maliro akangotha..."

"Ayi. Bodza limenelo lidzafuna lendi inanso."

Anayenda osalankhula mpaka pokwerera maminibasi. Kondakitala ankakuwa, "Chawama! Chawama! Awiri tipite!" Mabvuto anapapasa m'thumba napeza marandi okhaokha, osasintha. Tisauke anamasula nsonga ya chitenje, nalipira onse awiri.

"Amai asesa pabwalo m'mawa uno, achotsa ndi mbaula kuti galimoto ipeze poima," anatero atakhala pansi. "Azakhali amanga kale katundu. Ine ndikawatengera azakhaliwo kwa aneba, inu mukalowe nokha. Mukatha, tipite kukadula matikiti a ku Katete, basi ya m'bandakucha isanadzaze."

"Ndalama zake?"

"Zanu mukasintha mawa. Lero ndilipira."