Masamu a Fomu 2: kupeza mini, midiyani ndi modi kuchokera m'tebulo

Ophunzira anga, pepala ili ndi la ntchito ya kunyumba ya sabata ino. Muwerenge zitsanzo ziwirizi muli ndi cholembera m'manja, ndipo samu iliyonse muibwereze m'kope mwanu musanapite ku mafunso a kumapeto. Mayina ndi manambala a m'matebulomu ndachita kupeka kuti tiphunzirirepo, koma ndatengera zimene mumaona tsiku ndi tsiku kwathu kuno ku Ntcheu.

Chitsanzo choyamba: matumba a kachewere

Kalabu ina ya alimi ku Tsangano ili ndi mamembala 9. Atakumba mbatata ya kachewere, mlembi wa kalabuyo analemba matumba amene aliyense anapeza.

| Mlimi | Matumba |
|---|---|
| Mayi Nambewe | 12 |
| Bambo Phiri | 8 |
| Bambo Jere | 15 |
| Mayi Nangozo | 8 |
| Mayi Nabanda | 10 |
| Bambo Mbewe | 9 |
| Gogo Nachisale | 8 |
| Bambo Mwale | 11 |
| Bambo Maseko | 54 |

Tiyerekeze kuti kwabwera mlangizi wa zaulimi ndipo akufunsa kuti, "Kodi mlimi wa m'kalabu muno amakolola matumba angati?" Iye sakufuna kuti mlembi amuwerengere mayina onse 9. Akufuna nambala imodzi yoimira gulu lonse. Njira zopezera nambala yoteroyo zilipo zitatu, ndipo nthawi zambiri sizipereka yankho lofanana.

Tiyambe ndi mini, imene ambiri amaitchula kuti avereji. Ganizani kuti alimi onsewa aunjika matumba awo pabwalo limodzi, kenako agawana mofanana, wina osaposa mnzake. Chimene aliyense wanyamula popita kwawo ndiye mini. Choncho timaphatikiza manambala onse ndi kugawa ndi kuchuluka kwa manambalawo.

12 + 8 + 15 + 8 + 10 + 9 + 8 + 11 + 54 = 135

135 ÷ 9 = 15

Mini ndi matumba 15. M'buku lanu njirayi yalembedwa kuti Σx ÷ n. Chizindikiro cha Σ ndi chilembo cha Chigiriki chotchedwa sigima, ndipo chimangotanthauza kuti phatikizani onse. n ndi kuchuluka kwa manambala, pano 9.

Midiyani ndi nambala ya pakatikati manambala akandandalikidwa kuyambira yaing'ono kufika yaikulu. Kundandalikako ndiye mutu wa nkhani. Pa mayeso a mwezi watha ambiri mwa inu munangoloza chala pakati pa tebulo osasanja kaye, ndipo malikisi anathera pomwepo. Chitani ngati mmene mumaimira pa asembule, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo:

8, 8, 8, 9, 10, 11, 12, 15, 54

Werengani ngati manambala akwanadi 9, chifukwa posanja ndi pamene nambala imodzi imasowa, makamaka yobwerezabwereza ngati 8. Malo a midiyani timawapeza ndi (n + 1) ÷ 2. Apa (9 + 1) ÷ 2 = 5. Samalani: 5 ameneyu si midiyani, ndi malo chabe. Akutiuza kuti tiwerenge kufika pa nambala yachisanu pamzerewo, ndipo yachisanu ndi 10. Kumanzere kwake kwatsala manambala anayi, kumanja kwake anayinso. Midiyani ndi matumba 10.

Modi ndi nambala imene yaoneka kambiri kuposa zinzake. 8 waoneka katatu, ena onse kamodzi kamodzi. Modi ndi matumba 8.

Tsopano tili ndi mayankho atatu a funso limodzi: 15, 10 ndi 8. Onse ndi olondola pa masamu, koma mlangizi uja timuuze liti? Bwererani ku tebulo ndipo muwerenge alimi amene anapezadi matumba 15 kapena kuposerapo. Alipo awiri okha, Bambo Jere ndi Bambo Maseko. Ena 7 onse ali pansi pa mini. Mlembi akati "kuno timakolola matumba 15", Gogo Nachisale amene ali ndi matumba 8 m'nyumba adzadabwa kuti akunena za kalabu iti. Chimene chachitika ndi chakuti matumba 54 a Bambo Maseko, amene mwina ali ndi dimba lalikulu lothirira, akokera mini m'mwamba. Midiyani sinasunthike nawo chifukwa imangoyang'ana amene waima pakati. Bambo Maseko akanapeza matumba 540, midiyani ikanakhalabe 10. N'chifukwa chake ine, nditakhala mlembi wa kalabuyi, ndingamuyankhe mlangiziyo ndi midiyani. Mfundo imeneyi ndikufuna muigwire kwambiri kuposa china chilichonse papepalali, pakuti mukadzamva munthu akutchula avereji ya zokolola kapena ya malipiro, mudzayenera kufunsa ngati mulibe a Maseko m'gululo.

Tiyeni tiwachotse Bambo Maseko tione. Atsala alimi 8 ndi matumba 135 − 54 = 81. Mini tsopano ndi 81 ÷ 8 = 10.125. Yatsika ndi pafupifupi matumba 5 chifukwa cha munthu mmodzi. Musaope kuti yankho lili ndi desimo. Palibe amene anakolola matumba 10.125, koma mini sikakamizidwa kukhala nambala yopezeka m'tebulo.

Nanga midiyani? Mzere wathu ndi uwu:

8, 8, 8, 9, 10, 11, 12, 15

Manambala ndi 8, ndiye palibe imodzi yoima pakati yokha. (8 + 1) ÷ 2 = 4.5, kutanthauza kuti pakati pagwera pakati pa yachinayi ndi yachisanu, 9 ndi 10. Timaphatikiza ziwirizo ndi kugawa pawiri: (9 + 10) ÷ 2 = 9.5. Midiyani ndi 9.5. Yangotsika ndi theka la thumba. Modi ikadali 8.

Chitsanzo chachiwiri: tebulo lonena kuti kangati

Mayi wina wa ku Lizulu amaweta nkhuku zachikuda, ndipo kwa masiku 20 ankalemba mazira amene watola tsiku lililonse. M'malo molemba manambala 20, mwana wake anawaika m'tebulo motere:

| Mazira pa tsiku (x) | Masiku (f) | f × x |
|---|---|---|
| 3 | 2 | 6 |
| 4 | 7 | 28 |
| 5 | 4 | 20 |
| 6 | 5 | 30 |
| 7 | 2 | 14 |
| Zonse pamodzi | 20 | 98 |

Mzere woyamba ukunena kuti panali masiku 2 amene anatola mazira 3. Wachiwiri ukuti panali masiku 7 amene anatola mazira 4. Gawo lachitatu la tebuloli pa mayeso simudzalipeza lolembedwa kale, mudzaliwonjezera nokha. Limachokera pochulukitsa mazira ndi masiku: mazira 4 kwa masiku 7 ndi mazira 28.

Mini ndi mazira onse kugawa ndi masiku onse, Σfx ÷ Σf:

98 ÷ 20 = 4.9

Cholakwa chimene ndimachiona chaka ndi chaka ndi kuphatikiza 3 + 4 + 5 + 6 + 7 ndi kugawa ndi 5. Yankho limatuluka 5, pafupi kwambiri ndi 4.9, ndiye wophunzira amaganiza kuti wakhoza. Koma waiwala masiku. Watenga tsiku la mazira 3, limene linachitika kawiri, ngati lolemera mofanana ndi la mazira 4, limene linachitika kasanu ndi kawiri.

Pofuna midiyani, tebuloli lasanjidwa kale, ntchito yathu ndi kuwerenga malo. (20 + 1) ÷ 2 = 10.5, ndiye tikufuna tsiku la nambala 10 ndi la nambala 11 pamzere. Masiku 2 oyamba ndi a mazira 3. Tikawonjezera 7 tafika pa 9, onsewo a mazira 4. Tikawonjezera 4 tafika pa 13, choncho malo a 10, 11, 12 ndi 13 ndi a mazira 5. Awiri amene tikufunawo onse ndi 5, ndipo midiyani ndi mazira 5.

Modi ili ndi msampha wake. Nambala yaikulu m'gawo la masiku ndi 7, koma modi si 7. 7 akungotilozera mzere. Funso ndi lakuti, ndi mazira angati amene mayiyu ankatola kawirikawiri? Yankho ndi mazira 4. Kwa mayi amene akufuna kulonjeza wophika mandasi mazira a tsiku ndi tsiku, nambala imeneyi ndi yothandiza ndithu.

Mafunso

Onetsani njira yonse. Yankho lopanda njira ndidzalipatsa malikisi amodzi okha ngakhale litakhala lolondola. Muzilembanso kuti yankholo ndi la chiyani, mphindi, kabichi kapena mbuzi.

1. Ophunzira 7 anafunsidwa mphindi zimene amayenda kuchokera kwawo kufika kusukulu: 20, 45, 15, 45, 70, 30, 20. Pezani mini, midiyani ndi modi.

2. Mnyamata wogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu anagulitsa mitu iyi pa masiku 6: 34, 28, 41, 30, 28, 37. Pezani mini, midiyani ndi modi.

3. Mini ya manambala 5 ndi 14. Anayi mwa iwo ndi 10, 12, 15 ndi 16. Pezani yachisanu.

4. Tebulo ili likuonetsa mbuzi za mabanja 15 a m'mudzi wina pafupi ndi Biriwiri.

| Mbuzi | 0 | 1 | 2 | 3 | 4 |
|---|---|---|---|---|---|
| Mabanja | 3 | 2 | 6 | 3 | 1 |

Pezani mini, midiyani ndi modi. Kenako tiyerekeze kuti m'mudzimo mwasamukira banja la mbuzi 37. Pezaninso mini ndi midiyani, ndipo mulembe ziganizo ziwiri zonena kuti ndi iti imene ikuimira bwino mudziwo tsopano.

Mayankho odziyesera

Phimbani gawo ili ndi kope mpaka mutamaliza.

Funso 1: mini ndi 245 ÷ 7 = mphindi 35, midiyani ndi mphindi 30. Modi zilipo ziwiri, 20 ndi 45, ndipo mulembe zonse. Zimatheka ndithu kuti modi zikhale ziwiri, monganso zimatheka kuti pasakhale modi ngati nambala iliyonse yaoneka kamodzi.

Funso 2: mini ndi 198 ÷ 6 = 33, midiyani ndi (30 + 34) ÷ 2 = 32, modi ndi 28.

Funso 3: onse pamodzi ayenera kukwana 14 × 5 = 70. Anayiwo akukwana 53, ndiye yachisanu ndi 17.

Funso 4: mbuzi zonse ndi 27, mini ndi 27 ÷ 15 = 1.8, midiyani ndi 2, modi ndi 2. Ngati mwapeza 2.25, mwasiya mabanja 3 opanda mbuzi aja, chonsecho nawonso ndi mabanja a m'mudzimo ndipo ayenera kuwerengedwa. Likabwera banja latsopanolo, mini ndi 64 ÷ 16 = 4 ndipo midiyani ikadali 2. Ziganizo ziwirizo sindinazilembe pano, ndidzawerenga zanu. Makope onse akhale patebulo langa Lolemba m'mawa belu loyamba lisanalire.