Pempho la zithunzi zina za chikwama chofiirira chija

Mayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndine uja ndinakufunsani Lachiwiri za chikwama chachikopa chofiirira cha Coach chimene munaika pa Facebook pa mtengo wa K85,000. Ndimakhala ku Lizulu, kuno ku Ntcheu. Chikwamacho ndachikonda kwambiri, ndipo ndikufuna kudzachinyamula pa chinkhoswe cha mng'ono wanga kumapeto kwa mwezi uno.

Ndisanatumize ndalama, ndili ndi pempho. Zithunzi zitatu zimene munaika zikungoonetsa kunja kwake, choncho ndimati mundijambulireko zina pafupi.

Chachikulu ndi kachikopa kamene kamasokeredwa mkati, kolembedwa mawu achingerezi. M'munsi mwake mumakhala nambala ya chikwamacho. Chonde jambulani moti chilembo chilichonse chiziwerengeka, chifukwa ndikufuna kuona ngati nambalayo ikugwirizana ndi mtundu wa chikwama chimenechi. Mukapanda kuipeza pamenepo, pisani m'kathumba ka zipi ka mkati. Zikwama zina nambala imakhala pa kansalu koyera kobisika mu msoko. Mujambulenso kansalu konena dziko limene chinapangidwa, ndi kachikopa kolendewera kunja kaja, mbali zonse ziwiri.

Kenako kasokedwe. Apa ndiye pali mtima wanga, poti ine ndimasoka, makina anga ali pakhonde. Ndikufuna kuona pamene lamba walumikizana ndi chikwama, m'makona anayi a pansi, ndi kumapeto kwa zipi. Ulusi ukamayenda mzere umodzi, mipata yake yofanana, ndimadziwa kuti chinthu chilimba. Ngati pali pamene ulusi wadukapo kapena chikopa chasupuka, musandibisire. Ndikudziwa kuti ndi cha kaunjika, sindikuyembekeza chatsopano ayi, ndipo pang'ono pophwasuka ndikhoza kusoka ndekha. Ndikungofuna kudziwiratu.

Ngati n'kotheka mujambulire panja masana, pamthunzi, osayatsa fulashi, chifukwa kuwala kwake kumabisa zilembo zodindidwa pachikopa. Pa chithunzi chimodzi muikepo kapepala kolembedwa tsiku lalero pambali pa chikwamacho.

Musaone ngati ndikukukayikirani, mayi. Chaka chatha ndinagula chikwama kwa munthu wina nditangoona chithunzi chimodzi, ndipo lamba wake anaduka ndikukwera minibasi pasanathe milungu iwiri. Ndalama imeneyo inali ya mbatata zimene ndinagulitsa pamsika pano, ndipo mpaka lero imandipweteka.

Ndikudziwa kuti kutumiza zithunzi kumadya bandulo, ndiye ndiuzeni, ndikuponyerani kangachepe ka mayunitsi. Zonse zikakhala bwino ndilipira tsiku lomwelo pa Airtel Money kapena Mpamba, momwe mungakondere. Mlongo wanga amabwera ku Lilongwe Lachisanu lililonse kudzaoda katundu, iyeyo ndi amene angadzachitenge. Mungandisungireko mpaka Lachinayi madzulo?

Zikomo kwambiri,

Ine Nangozo
Lizulu, Ntcheu